Deti Lolembedwa Pachitini ndi Chitini Chenicheni: Mmene Tingaweruzire Chakudya cha M'zitini m'Chigwa cha Shire

Chitini cha nsomba chisanafike pa shelefu ya golosale ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, chimakhala chitayenda ulendo wautali ndi wovuta. Zambiri zimatsika phiri pa lole kuchokera ku Blantyre mpaka ku Thabwa, zina zimalowera kumalire a Marka kuchokera ku Mozambique, ndipo zikafika pamalo ogulitsira zinthu zambiri nthawi imodzi zimamangidwanso pa kabaza kapena kukwezedwa m'bwato kuti zikafike kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje. Nthawi zina zimabwera ngati thandizo m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira. Pa ulendo wonsewu katoni imaponyedwa, imatsamiridwa ndi matumba a ufa, imawombedwa ndi dzuwa, ndipo mwina imanyowa. Wogula akachitenga m'manja amakhala ndi zinthu ziwiri zoti aone, zomwe ndi deti limene fakitale inalemba ndi maonekedwe a chitinicho. Anthu ambiri anaphunzira kuyang'ana deti, ndipo zimenezi n'zabwino, koma deti linalembedwa tsiku limene chitini chinali chatsopano, ndipo silidziwa chilichonse chimene chachitika m'njira. Pamene deti ndi maonekedwe a chitini zikutsutsana, chitini ndicho chiyenera kumveredwa.

Tiyambe ndi madetiwo, chifukwa alipo amitundu iwiri ndipo sanena chinthu chimodzi, ngakhale kuti pamsika zonse timangoti zaekisipaya. Mawu akuti BEST BEFORE, amene nthawi zina amafupikitsidwa kukhala BB kapena BBE, amanena za ubwino wa chakudya. Wopanga akulonjeza kuti kufikira tsiku limenelo kakomedwe, mtundu, fungo ndi kulimba kwa chakudyacho zidzakhala monga mmene iye anafunira. Tsikulo likadutsa, nsomba ikhoza kufewa mopitirira, msuzi ukhoza kudera pang'ono ndipo mavitamini ena amachepa, koma chakudyacho sichisanduka poizoni m'mawa mwake. Deti lotere ndi limene limapezeka pa zitini zambiri, pa mabisiketi, pa mpunga, pa mafuta ophikira ndi pa zinthu zina zouma.

Mawu akuti USE BY ndi nkhani ina, chifukwa amanena za chitetezo cha moyo. Amalembedwa pa zakudya zosachedwa kuwonongeka zimene zimasungidwa mu filiji, monga mkaka wosaphika nthawi yaitali, soseji, poloni ndi nyama yaiwisi yokutidwa m'pulasitiki. M'zakudya zotere mabakiteriya oyambitsa matenda amatha kuchuluka popanda kusintha fungo kapena maonekedwe, ndipo mtundu wina wotchedwa Listeria umaswana ngakhale m'kati mwa filiji yozizira. Choncho tsiku limenelo likadutsa chakudyacho chisadyedwe, ngakhale mphuno ikunena kuti chili bwino. Mawu akuti EXP, pamene alembedwa pa chakudya cha mu filiji, pa mankhwala kapena pa mkaka wa ufa wa makanda, atengedwe mwamphamvu yomweyo. Mkaka wa makanda sufunika kuutengera mwayi ngakhale pang'ono, chifukwa mwana amene sakuyamwa amadalira mkakawo pa zonse zimene thupi lake likufuna.

Pali vuto lina pa deti la USE BY limene anthu a m'chigwa muno ayenera kulikumbukira. Deti limeneli linawerengedwa poganiza kuti chakudyacho chakhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo kuchokera ku fakitale mpaka kunyumba. Magetsi akazima tsiku lonse m'mwezi wa Novembala, filiji ya m'golosale imasanduka bokosi lofunda, ndipo soseji imene yatsala ndi masiku khumi pa pepala ikhoza kukhala itawonongeka kale. Paketi yofufuma, madzi ambiri m'munsi mwa filiji, kapena nyama imene ikuoneka kuti inasungunuka n'kuumanso, ndi umboni woposa deti.

Kuwerenga manambala enieniwo kumafunanso chidwi. Katundu wopangidwa kuno ku Malawi, ku South Africa ndi kumaiko ambiri oyandikana nafe amayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka, kotero kuti 03/11/27 ndi pa 3 Novembala 2027. Katundu wa ku America kawirikawiri amayamba ndi mwezi, ndipo manambala omwewo angatanthauze pa 11 Malichi, pamene katundu wa ku China amakonda kuyamba ndi chaka. Pakakhala nambala yoposa 12, imeneyo singakhale mwezi, ndipo zimenezi zimathandiza kumasula mfundo. Pamene palembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga BBE 08/2027, tanthauzo lake ndi kumapeto kwa mwezi umenewo. Kulakwitsa kofala kwambiri ndi kusokoneza deti lopangira ndi deti lothera. Zilembo MFG, MFD kapena PD zimasonyeza tsiku limene chakudya chinapangidwa, ndipo tsiku limeneli liyenera kukhala lakale nthawi zonse, moti munthu asataye chitini chabwino chifukwa choona chaka chatha pamzere umenewu.

Katundu wolowera ku Mozambique amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo m'misika ya ku Nsanje amapezeka ndithu. Mawu akuti Validade amasonyeza deti lothera, Consumir de preferência antes de ndi ofanana ndi BEST BEFORE, Consumir até ndi ofanana ndi USE BY, pamene Fabrico kapena FAB ndi tsiku lopangira. Pafupi ndi madeti pamakhalanso zilembo ndi manambala osakanikirana, nthawi zina zoyamba ndi L kapena mawu akuti Lot, Batch kapena Lote. Imeneyi si deti koma chizindikiro cha gulu la zitini zimene zinapangidwira limodzi, ndipo chimagwira ntchito fakitale ikazindikira kuti yalakwitsa. Mu 2021 kampani ya Tiger Brands ya ku South Africa inaitanitsa kuti zibwezedwe zitini za ndiwo zamasamba pafupifupi 20 miliyoni chifukwa msoko wa m'mbali mwa zitini zina sunawotcheredwe bwino. Zitini zimenezo zinali ndi madeti abwinobwino. Chinthu chomaliza pa madeti ndi chakuti pa chitini amadindidwa ndi makina pa chitsulo penipeni, pamwamba kapena pansi, ndipo ngati inki yake ikuoneka yofufutidwa, kapena pamatidwa kapepala pamwamba pa deti lakale, chitinicho chisagulidwe.

Tsopano tione chifukwa chake chakudya cha m'chitini chimakhala zaka osawola, pakuti munthu akamvetsa zimenezi sangavutikenso kuweruza chitini chophwanyika. Ku fakitale chakudya chimaikidwa m'chitini chili chotentha, chivundikiro chimatsekedwa, ndipo chitini chonsecho chimaphikidwa m'chimphika chachikulu cha nthunzi chotsekedwa zolimba. Zakudya zopanda asidi wambiri, monga nsomba, nyama, nyemba ndi chimanga, zimatenthedwa kufika cha m'ma madigiri 121, kumene ndi kutentha koposa madzi owira pamoto wa nkhuni, amene amalekezera pa madigiri 100. Cholinga chake ndi kupha njere za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, zimene zimapezeka m'nthaka ndi m'matope ndipo sizifa ndi kuwiritsa wamba. Chitini chikazizira, nthunzi ya m'kati imasanduka madzi ndipo mumatsala mpata wopanda mpweya, umene umakokera chivundikiro ndi pansi pa chitini m'kati pang'ono. Ndiye chifukwa chake chitini chabwino chimakhala chophwatalala kapena cholowa pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo ukachidina ndi chala sichigwedera.

Chitetezo chonse cha chakudyacho chagona pa mfundo imodzi, yakuti pasalowe kanthu kalikonse kuchokera kunja. Malo ofooka ndi mkombero, pamene chivundikiro chakumana ndi thupi la chitini. Pamenepa zitsulo ziwirizi zimapindidwa molowana kawiri n'kufinyidwa, ndipo pakati pake pamakhala kamphira kopyapyala kotseka mipata. Zitini zambiri zimakhalanso ndi msoko wotsika m'mbali, umene umabisika pansi pa pepala. Kampata kamene diso silingaone n'kokwanira kuti bakiteriya alowe, ndipo popeza m'kati mulibe mpweya, chitini chimachita kuyamwa madzi kapena mpweya wakunja pa kampatapo. Mu 1964 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland anthu oposa 400 anadwala tayifodi chifukwa cha chitini chimodzi chachikulu cha nyama yochokera ku Argentina, chimene ku fakitale chinaziziritsidwa ndi madzi a mumtsinje osathira mankhwala, madziwo n'kulowera pa msoko. Aliyense amene anaonapo mtundu wa madzi a Shire ndi Ruo akasefukira, atakokolola zimbudzi ndi makola, amvetsa chifukwa chake nkhani imeneyi ikutikhudza.

Kuphwanyika kwa chitini, ndiye kuti kulowa m'kati kwa chitsulo chitagundidwa, sikuti nthawi zonse kumaononga chakudya, ndipo kungakhale kusakaza kutaya chitini chilichonse chokhala ndi kachipsera, makamaka kuno kumene ndiwo zimasowa m'miyezi ya njala. Chofunika ndi malo amene chaphwanyikira ndi mtundu wa kuphwanyikako. Ngati chalowa pang'ono pamimba, m'mbali mwa malowo muli mosalala, kutali ndi mkombero ndi msoko, ndipo pamwamba ndi pansi padakali pophwatalala, chakudyacho n'chabwino, ngakhale kuti n'kwanzeru kuyamba kudya chimenecho zinzake zisanatsegulidwe. Koma ngati chagundidwa pa mkombero penipeni, ngakhale pang'ono, zitsulo zopindidwa zija zikhoza kukhala zitamasuka kwa kanthawi kochepa n'kutsekekanso, ndipo pa kanthawi kameneko mpweya ndi fumbi zalowa. Chitini chotere sichidontha nthawi zonse, moti kuuma kwake kunja si umboni woti n'chabwino.

Mtundu wina woopsa ndi kuphwanyika kwakuya kumene kwasiya mzere wakuthwa kapena nsonga. Muyeso wosavuta ndi chala. Ngati chala chikugona m'malo ophwanyikawo n'kulowa ndithu, kapena ngati poyendetsa chala mukumva ngodya yakuthwa pamene chitsulo chapindikira, chitinicho chisiyidwe. Pa ngodya yotere chitsulo chimakhala chitatanuka ndipo chikhoza kukhala ndi kaming'alu, komanso utoto wopyapyala umene umakuta m'kati mwa chitini umasweka, kotero kuti chakudya chimayamba kukhudzana ndi chitsulo. M'nsomba za msuzi wa tomato zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa asidi wa tomato amadya chitsulo pang'onopang'ono kuchokera m'kati mpaka kuboola. Dzimbiri limaweruzidwa mofananamo. Limene likuchoka mukapukuta ndi kansalu, n'kusiya chitsulo chosalala, ndi lapamwamba chabe, koma limene lasiya timaenje, kapena lazungulira mkombero, ndi chizindikiro chakuti chitsulo chapyapyala ndipo mwina chabooka kale.

Kufufuma kwa chitini kulibe zokambirana. Chivundikiro chikatukuka, ndiye kuti m'kati mwapangika mpweya umene sunalimo pamene chitini chinkatsekedwa. Kumayamba mobisika. Poyamba chitini chimaoneka bwino, koma mukadina chivundikiro chimalowa n'kubwerera chikulira kuti pho, kapena mukadina pamwamba pansi pamatukuka. Pambuyo pake mbali zonse ziwiri zimatukuka koma zimalolabe kudinika, ndipo pomaliza chitini chimauma gwa, osakhazikikanso bwino pa tebulo. Magawo onsewa ndi vuto limodzi, ndipo chitini chimene changoyamba kugwedera chitayidwe mofanana ndi chimene chatsala pang'ono kuphulika. Zakumwa za gasi za m'zitini sizili m'gulu limeneli, chifukwa zimatsekedwa dala ndi mpweya wambiri m'kati.

Mpweyawo umachokera kumagwero angapo. Nthawi zina ndi asidi wa zipatso kapena tomato amene akudya chitsulo n'kutulutsa mpweya wa hayidirojeni, ndipo pamenepa mabakiteriya mulibe. Nthawi zina ndi mabakiteriya okonda kutentha, amene njere zake zimapulumuka kuphika kwa ku fakitale koma zimangogona osachita kanthu kufikira chitini chitakhala nthawi yaitali pamalo otentha kupitirira madigiri 40. Nthawi zinanso ndi mabakiteriya amene alowera pa msoko, kapena amene sanafe chifukwa fakitale sinaphike mokwanira, ndipo pakati pawo pakhoza kukhala Clostridium botulinum. Munthu ataima m'golosale alibe njira yosiyanitsira magwero amenewa. Wogulitsa akanena kuti chafufuma ndi kutentha chabe, mwina akunena zoona pa chiyambi cha vutolo, koma zimenezo sizichititsa chakudyacho kukhala chabwino. Ngakhalenso kutsika phiri sikungakhale chifukwa, pakuti chitini chochoka ku Blantyre kubwera kuchigwa chimakumana ndi mpweya wakunja wolemera kwambiri, umene umakankhira chivundikiro m'kati osati kunja.

Kutentha kwa chigwa chino kumafupikitsa moyo wa chitini chilichonse, ngakhale chimene sichinagundidwe. Pa pepala la zitini zambiri pamalembedwa kuti zisungidwe pamalo ozizira ndi ouma, ndipo deti la BEST BEFORE linawerengedwa potsatira lamulo limenelo. Akatswiri a zakudya amalangiza kuti zitini zisungidwe pansi pa madigiri 30, ndipo amati kutentha kopitirira madigiri 38 kumaziononga. Ku Ngabu ndi ku Nsanje, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi, ndipo shelefu yapamwamba m'golosale yofoleredwa ndi malata opanda siling'i imatentha kuposa pamenepo. Pamalo ozizira, chitini cha nsomba, nyama kapena nyemba chimasunga ubwino wake zaka ziwiri kufikira zisanu, pamene cha tomato kapena zipatso chimasunga chaka chimodzi kufikira chaka ndi theka. Manambala amenewa sayenera kudaliridwa kwathunthu pa chitini chimene chadutsa nyengo ziwiri zotentha pansi pa malata. Eni magolosale angachite bwino kuika zitini pa mashelefu a m'munsi, kutali ndi denga ndi zenera, koma pa thabwa lokwezeka kuti chinyezi cha pansi chisabweretse dzimbiri, ndi kugulitsa zakale zatsopano zisanatulutsidwe m'katoni.

Poizoni wa Clostridium botulinum ndi amene amachititsa kuti nkhani ya zitini isatengedwe mopepuka. Bakiteriyayu amakula pokhapokha pamene palibe mpweya ndipo asidi ndi wochepa, ndipo m'kati mwa chitini cha nsomba kapena nyama ndi malo oterowo ndendende. Poizoni amene amatulutsa ali m'gulu la oopsa kwambiri amene anthu akuwadziwa, moti kulawa ndi nsonga ya supuni kungakwanire kudwalitsa munthu. Chakudya chokhala ndi poizoniyu chikhoza kununkha, koma chikhozanso kusanunkha, ndipo chitini chake sichifufuma nthawi zonse, n'chifukwa chake chitini chogundidwa pa mkombero chimakanidwa ngakhale chili chophwatalala. Mu 2002 ku South Africa ana awiri a banja limodzi anamwalira ndi poizoni ameneyu atadya nsomba za m'chitini za msuzi wa tomato, ndipo ofufuza anapeza kuti chitini chake chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Nsomba zamtundu umenewo ndi zomwe timagula m'magolosale athu.

Ena amati chakudya chokayikitsa chikawiritsidwa bwino chimakhala bwino. N'zoona kuti poizoni wa botulinum amaonongeka chakudya chikawira kwa mphindi zingapo, koma sindingalangize munthu aliyense kudalira zimenezi pa chitini chofufuma. Potsegula chitini chotere madzi ake amathovokera m'manja, pa mpeni ndi pa mbale zimene sizidzawiritsidwa, wophika amalawa mchere ndiwo zisanapse, ndipo mabakiteriya ena amatulutsa poizoni amene safa ndi moto. Mtengo wa chitini chimodzi sungafanane ndi chiopsezo chimenechi.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Bangula amene mu Janyuwale 2027 watsegula katoni ya nsomba imene yakhala m'nyumba, n'kupeza zitini zinayi zotsala. Choyamba chalembedwa BB 30/09/26, kutanthauza kuti deti lake linadutsa miyezi yoposa itatu yapitayo, koma n'chosalala, chopanda dzimbiri, ndipo podina pamwamba ndi pansi sipakugwedera. Chachiwiri chalembedwa BB 15/06/28, chatsala ndi nthawi yoposa chaka, koma chinagwa ndipo mkombero wake wapindikira m'kati pamalo aakulu ngati chikhadabo. Chachitatu chili ndi deti lomwelo la 2028 ndipo chalowa pang'ono pamimba mosalala. Mayiyo asende pepala pamalopo kuti aone ngati kuphwanyikako sikunakhudze msoko wa m'mbali, ndipo ngati sikunakhudze, chitinicho n'chabwino. Chachinayi chikuoneka chokongola kuposa zonse, koma akachidina chivundikiro chikulowa n'kubwerera.

Munthu wongoyang'ana deti angataye choyamba n'kusunga zitatu zinazo, ndipo akatero wataya chabwino n'kusunga ziwiri zoopsa. Chigamulo choyenera ndi chakuti chachiwiri ndi chachinayi zitayidwe osatsegulidwa, chachitatu chidyedwe posachedwa, ndipo choyamba chitsegulidwe n'kuyesedwa ndi maso ndi mphuno. Pano pali kusiyana pakati pa chitini chimene chili kale m'nyumba ndi chimene chili pa shelefu ya wogulitsa. Chimene deti lake ladutsa sichiyenera kugulitsidwa, ndipo a Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi oyendera zaumoyo a m'makhonsolo amalanda katundu wotere akamupeza m'masitolo. Wogula ali ndi ufulu wochikana ngakhale chitatsitsidwa mtengo, ndipo mulu wa zitini zotchipa pakhomo la sitolo ndi umene ufunika kuunikidwa chimodzichimodzi, pakuti kawirikawiri ndi mmene mumasonkhana zophwanyika.

Kuyesa kumapitirira potsegula. Pamwamba pa chitini patsukidwe kaye, chifukwa makoswe ndi mphemvu zimayendapo ndipo chotsegulira chimakankhira litsirolo m'kati. Chitini chabwino chikaboledwa chimamveka kaphokoso kochepa ka mpweya wolowa, ndipo madzi ake amakhala phee. Ngati mpweya ukutuluka mwamphamvu, madzi akuthovoka, pali thovu, fungo ndi lowawasa kapena loola, kapena madzi amene amayenera kukhala oyera achita mbuu, chakudyacho chisalawidwe. Pali kuwonongeka kwina kumene mabakiteriya okonda kutentha amasasitsa chakudya popanda kutulutsa mpweya, kotero kuti chitini sichifufuma koma nyemba kapena chimanga zimanunkha mowawasa, ndipo pamenepa mphuno ndiyo imagwira ntchito. Mawanga akuda pang'ono pa chitsulo cha m'kati mwa chitini cha nsomba kapena nyama amachitika kawirikawiri ndipo paokha sasonyeza vuto, koma dzimbiri la m'kati ndi chifukwa chokwanira chotayira.

Chitini chikangotsegulidwa, deti lake latha ntchito, pakuti chakudyacho tsopano chili ngati ndiwo zina zilizonse zophika. Zotsala zichotsedwe m'chitini, ziikidwe m'mbale yoyera yovundikira, ndipo mu filiji yogwira bwino ntchito zimakhala masiku atatu kapena anayi. Kumene kulibe filiji, chakudya chotere sichiyenera kukhala maola oposa awiri, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32 nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi. Kwa banja la m'chigwa muno zimenezi zikutanthauza kuti chitini chitsegulidwe pamene mphika uli kale pamoto, ndipo chidyedwe chonse pa chakudya chimodzi.

Ngati munthu wadya chakudya cha m'chitini chokayikitsa, zizindikiro za poizoni wa botulinum kawirikawiri zimayamba pakadutsa maola 12 mpaka 36, ngakhale kuti zikhoza kufulumira kapena kuchedwa masiku angapo. Sizifanana ndi kutsegula m'mimba kumene tinazolowera, ndipo nthawi zambiri thupi silitentha. Munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, zikope zimagwa, m'kamwa mumauma, mawu amatuluka molobodoka ndipo kumeza kumavuta. Kenako kufooka kumatsika kuchoka kumutu kupita m'mapewa, m'manja ndi pachifuwa, ndipo imfa imabwera pamene minofu yopumira yaleka kugwira ntchito. Popeza wodwalayo amakhala akuzindikira zonse koma akulephera kuyankhula bwino, achibale akhoza kuganiza kuti ndi sitiroko, kuledzera kapena zamatsenga, n'kutaya nthawi. Mankhwala olimbana ndi poizoniyu amaletsa kuti matenda asapitirire koma sabwezeretsa msanga minofu imene yafooka kale, ndipo wodwala kwambiri amafunika makina omuthandiza kupuma. Choncho athamangitsidwe kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena chilichonse chapafupi chimene chingamutumize kuchipatala chachikulu, pa chizindikiro choyamba. Achipatala auzidwe momveka chimene anadya ndi nthawi yake, onse amene anadya naye apite nawo, ndipo chitini chitengedwe chitamangidwa m'jumbo.

Madzi osefukira, monga amene anadza mu Janyuwale 2015, ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amasiya funso la zitini zimene zinamizidwa. Zitini zachitsulo chokhachokha, zotsekedwa ndi mkombero mbali zonse, zimene sizinaphwanyike, sizinafufume ndipo zilibe dzimbiri lakuya, zikhoza kupulumutsidwa. Koma zimene zili ndi kamphete kokokera potsegula, mabotolo a zitsekero zopotokola, zitini za mkaka wa ufa za zivundikiro zongokanikiza ndi zakumwa za m'makatoni zitayidwe, chifukwa matope amalowa m'mipata imene singatsukike. Pa zopulumutsidwazo, pepala lichotsedwe popeza limasunga litsiro, chitini chitsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo, makamaka mozungulira mkombero, kenako chiikidwe mumphika wa madzi ndipo madziwo awire kwa mphindi ziwiri. Kumene nkhuni zasowa, chinyikidwe kwa mphindi 15 m'madzi a klorini osungunulidwa pa muyeso umene alangizi a zaumoyo amapereka potsuka ziwiya. Chikatero chiume chokha kwa ola limodzi, ndipo dzina la chakudya ndi deti lake zilembedwenso pachitsulo ndi cholembera chosafufutika. Zitini zotere zidyedwe msanga, chifukwa zikanyowa dzimbiri silichedwa kugwira.

Chitini chimene chakanidwa chisabooledwe pofuna kuona za m'kati, ndipo chakudya chake chisapatsidwe kwa agalu, nkhumba kapena nkhuku, pakuti poizoni wa botulinum amaphanso ziweto. Chisatayidwenso kudzala kapena mumtsinje, chifukwa ana amatola zitini kuti apangire galimoto zoseweretsa, ndipo munthu wanjala akapeza chitini chosatsegula akhoza kupita nacho kunyumba. Chimangidwe m'jumbo chili chotseka, chikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime kapena mjigo, kapena chiponyedwe m'chimbudzi chokumba. Ngati chinadontha, malo amene madzi ake anagwera atsukidwe ndi madzi a klorini, kansalu kopukutira katayidwe limodzi ndi chitinicho, ndipo m'manja musambidwe ndi sopo. Pamene zitini zofufuma zapezeka zingapo m'katoni imodzi, kaya m'golosale kapena m'katundu wa thandizo kumsasa, katoni yonseyo iikidwe pambali, chizindikiro cha gulu lake chikopedwe pa pepala, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena ofesi ya zaumoyo ya boma idziwitsidwe, kuti zitini zina za gulu lomwelo zimene zagawidwa kale kumidzi ina zilondoledwe zisanatsegulidwe.